Foni Ili Duu, Malemba Ndiwo Ayankhule

Mu minibasi yochoka pa boma la Dedza kulowera ku Lilongwe, anthu ambiri amakhala ataweramira mafoni, chala chikungoseseretsa makanema a pa Facebook ndi pa WhatsApp, koma mawu osamveka. Wina akuopa kusokosera anzake, wina sipika ya foni yake idafa kalekale, winanso ndi wosamva. Komanso mu 2013, Facebook idayamba kuseweretsa makanema okha munthu akangowafika, mawu atazimitsidwa. Choncho mlangizi wa zaulimi amene wajambula kanema wabwino ku Bembeke, n'kuika nzeru zake zonse m'mawu apakamwa, kwa woonera wa mu minibasi uja amangooneka ngati munthu wotafuna chingamu m'munda mwa kachewere.

Ambiri akazindikira vutoli amathamangira kulemba pa sikirini chilichonse chimene wolankhula wanena. Apa ndi pamene ntchito imawonongeka, chifukwa malemba amadya nthawi, ndipo nthawiyo ili ndi muyezo wake. Netflix imalamula kuti malemba a Chingerezi asapitirire mizere iwiri, mzere uliwonse zilembo 42, ndipo liwiro lowerengera lisaposere zilembo 20 pa sekondi kwa akuluakulu, 17 kwa ana. Miyezo imeneyi ndi ya munthu wokhala pansi, wozolowera kuwerenga. Wa ku Mayani, woonera pa foni yong'aluka galasi dzuwa likuwomba, sangapatsidwe liwiro loposa la ana lija, ndipo mlembi wanzeru amatsitsabe.

Tiyerekeze kuti mlangizi uja akufuna kuchenjeza alimi za chiwawu, matenda amene amakonda chinyezi ndi kuzizira, zinthu zimene mapiri a Dedza sasowa. Kanema wake ndi wa masekondi 30. Iye akuyamba motere: "Alimi anzanga, mukaona masamba a kachewere ayamba kuchita madontho akuda ndipo kunsi kwake kuli chuku choyera, dziwani kuti chiwawu chalowa m'munda mwanu." Pakamwa chiganizochi n'chokoma, chaulemu. Pa sikirini chili ndi zilembo zoposa 150, tikawerengera ndi mipata yomwe, ndiye kuti pa liwiro la 17 chikufuna masekondi 9. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kanemayo latha, ndipo nthawi yonseyo diso linali pa malemba. Tsamba lodwalalo, limene ndiye mwini nkhani, silinaonedwe n'komwe.

Mlembi waluso amaphwanya chiganizocho m'zidutswa zitatu, chilichonse ndi chithunzi chake. Kamera ikayandikira tsamba, pakubwera "Madontho akuda pa tsamba?" Dzanja likagwira tsambalo, pakubwera "Tembenuzani tsamba". Kunsi kukaoneka, "Chuku choyera kunsi: chiwawu". Zonse pamodzi ndi zilembo 71, zosafika theka la zoyamba zija. Chidutswa chilichonse chikhale masekondi atatu: awiri owerenga, imodzi yoona tsamba. Moni wa "alimi anzanga" wasiyidwa pakamwa pa mlangizi, kumene akumva aulandira. Ena adzadandaula kuti Chichewa chotere n'chouma, chopanda ulemu. Koma ulemu sunachoke, uli mu "-ni" wa "tembenuzani", ndipo woonera sapereka masekondi oposa awiri kapena atatu asanaseseretse chala kupita kwina. Chidutswa choyamba chiyenera kumuuza msanga kuti nkhaniyi ndi ya munda wake.

Apa pali msampha umene malangizo ochokera kunja sauona. Ambiri mwa iwo amawerenga mawu, monga BBC imene imati mawu 160 mpaka 180 pa mphindi. Chichewa chimamanga chiganizo chathunthu m'liwu limodzi: "sindidzakuuzaninso" ndi liwu limodzi la zilembo 18. Wowerenga mawu adzati chidutswa chake n'chachifupi pamene mzere wasefukira. M'Chichewa muyezo wodalirika ndi wa zilembo.

Msampha wachiwiri ndiye woopsa. Kukaniza kwa Chichewa kumabisala pakati pa liwu. "Mupopere mvula ikugwa" ndi "musapopere mvula ikugwa" zimasiyana zilembo ziwiri zokha, ndipo pakamwa mlangizi amatha kutsindika "sa" uja mpaka aliyense amve. Pa sikirini yaing'ono, kanema atafinyidwa ndi WhatsApp mpaka zilembo kuchita chimbuuzi, "sa" amatha kuzemba diso. Zotsatira zake ndi mankhwala ogulidwa modula kukokoloka ndi mvula. Njira yabwino ndi kulemba chimene mlimi achite m'malo mwa chimene asachite: "Kukugwa mvula? Dikirani." Ngati kukaniza sikungapeweke, liwu lakuti "AYI" liime palokha, lalikulu, pamene diso silingalidumphe.

Podula mizere napo pamafuna khutu la mwini chilankhulo. "Masamba a" pamwamba, "kachewere" pansi, ndiye kuti wowerenga wasiyidwa lende. Timawu ngati "a", "wa", "pa" ndi "ndi" timayenda ndi liwu lotsatira. Mapulogalamu ngati CapCut amadula paliponse pamene malo athera, choncho mlembi adule yekha ndi dzanja.

Ndiye pali za mtundu ndi malo. Wojambula ku Dedza mwezi wa Juni kapena Julayi amadziwa mmene nkhungu imayeretsera kumwamba ndi phiri lomwe. Zilembo zoyera pa thambo lotero zimasungunuka, zachikasu pa chimanga chouma chimodzimodzi. Kabokosi kakuda kuseri kwa malemba si kokongola, koma kamagwira ntchito pa chithunzi chilichonse. Malowo asakhale pansi penipeni kapena cha kumanja, chifukwa pa TikTok ndi pa Reels pamenepo pamakhala dzina la mwini kanema ndi mabatani. Chapakati, pamwamba kapena pamunsi pang'ono pa chinthu chikuonetsedwacho, ndiye pabwino.

Pali zina zimene malemba amangozikhudza pamwamba. Kanema wa Gule Wamkulu, monga amene alendo amajambula ku Mua, moyo wake uli mu ng'oma. Mawu akazimitsidwa, woonera amaona chilombo chasintha mwadzidzidzi kavinidwe osadziwa chifukwa. Kachidutswa kakuti "ng'oma yafulumira" kamamubwezera chifukwacho, ndipo kwa munthu wosamva ndi kokhako kamene kangamuuze. Koma kuika malemba sekondi iliyonse pa gule ndi kuphimba fumbi ndi mapazi, zomwe anthu abwera kudzaona. Komanso sikuti aliyense wogwira foni kumudzi amawerenga mothamanga. N'chifukwa chake mu kanema wa chiwawu uja dzanja lotembenuza tsamba liyenera kunena nkhaniyo palokha, malemba akungochitira umboni. Muvi woloza dontho umathandiza wowerenga ndi wosawerenga yemwe, ndipo nambala yolembedwa "14" imagwidwa msanga kuposa "khumi ndi zinayi".

Kuyesa kwake sikufuna ndalama. Kanemayo atumizidwe kaye pa WhatsApp kupita ku foni yotchipa, kuti aoneke monga adzaonekere kwa alimi, osati monga akuonekera pa laputopu ya wokonza. Mawu azimitsidwe, foniyo ipatsidwe kwa munthu amene sanamvepo nkhaniyo, panja masana, ndipo aonere kamodzi kokha. Akamaliza afunsidwe kuti matendawo ndi ati, awazindikira bwanji, ndipo achita chiyani mawa. Akapempha kubwereza kanemayo, malemba athamanga kapena achuluka. Akanena bwino mawu onse koma osakumbuka maonekedwe a dontholo, malemba alanda diso, ndipo chidutswa chimodzi chichotsedwe kapena chithunzi cha tsamba chiwonjezeredwe sekondi.