Kuyala zamasika m'tchalitchi ndi luso la mlimi

Mwezi wa Juni ukamafika ku Mandimba, ku Ngauma ndi ku Cuamba, chimanga chimakhala chalowa m'nkhokwe, mtedza wauma pabwalo, ndipo maungu amene apulumuka ku mphika amakhala atakhwima ndithu. Ndi nyengo imeneyi pamene mipingo yambiri imaitana akhristu kudzapereka masika. Anthu amakamba za kuchuluka kwa matumba ndi ndalama zimene zapezeka, koma za mayalidwe a zinthuzo kutsogolo kwa guwa sakambapo kwenikweni, ngati kuti ndi ntchito yongopatsa aliyense amene wafulumira kufika. Ine ndikuti kuyala zamasika ndi luso lenileni, ndipo muyeso wake ndi umodzi: mayalidwe okongola ndi omwewo amene amasunga chakudya bwino ndi kuonetsa poyera chimene munda wabereka. Woyala akasiyana ndi nzeru za kunkhokwe, kukongola kwake kumakhala konama.

Mwambowu uli ndi mizu iwiri. Buku la Deuteronomo, mutu 26, limalamula kuti zipatso zoyamba ziikidwe m'dengu ndi kutulidwa pamaso pa guwa, choncho dengu lili m'kati mwa mwambo kuyambira pachiyambi. Muzu wachiwiri ndi wa ku Mangalande, kumene wansembe Robert Hawker anaitana anthu a ku Morwenstow mu 1843 kudzathokoza chifukwa cha zokolola, ndipo kukometsera tchalitchi ndi tirigu ndi zipatso kunafalikira. Koma zithunzi zakumeneko zimasocheretsa woyala wa kuno. Iwo ali ndi tirigu wachikasu ndi maapozi ofiira. Ife chimanga chathu n'choyera, makoko ake ngotuwa, mtedza ngotuwa, nsungwi za dengu n'zotuwanso. Amene afuna mitundu yowala amathamangira maluwa apulasitiki ndi timaliboni ta kumsika, ndipo pamenepo ndi pamene luso limafera, chifukwa maso a anthu amapita ku pulasitikiyo n'kusiya chimanga.

Taganizani tchalitchi la simenti pansi, la malata pamwamba, monga ambiri a m'mbali mwa msewu wochokera ku Mandimba kupita ku Massangulo. Woyala wodziwa ntchito amayamba ndi mphasa, pakuti simenti ya m'mawa wa Juni imazizira ndipo mbewu yogona pamenepo usiku imatenga chinyontho. Kenako amasanja potsata kulemera. Maungu amapita pansi ndi kutsogolo, lililonse litakhala pa thako lake, kachitsa kake kataloza kumwamba. Sawanyamula ndi kachitsako, chifukwa kakathyoka dzungu limayambira pomwepo kuola, ndipo sawaunjika kupitirira mizere iwiri, poti la pansi likaphwanyika pang'ono mkati silisonyeza msanga. Maunguwo ndiwo utoto wa chionetsero chonse: obiriwira, amawangamawanga, achikasu. Akawasakaniza mwanzeru, kuyera kwa chimanga kumbuyo kwake kumaoneka bwino kuposa mmene riboni iliyonse ingachitire.

Chimanga ndicho chimafuna dzanja losamala kwambiri. Chambiri chimakhala m'mitanga kumbuyo, chili m'makoko ake, chifukwa makoko otseka mpaka kunsonga, monga a chimanga cha makolo, amatchinga anankafumbwe. Koma mtanga wa makoko okhaokha sunena kanthu kwa woona. Choncho woyala amasankha zingapo, amasenda makoko osawadula, amawakokera kumbuyo, n'kuwamanga awiriawiri kapena kuwaluka chingwe, mofanana ndi mmene chimanga cha mbewu chimapachikidwira pamwamba pa moto. Akachikoloweka m'mphepete mwa mtanga, mizere ya maso ake imaonekera, ndipo mlimi wokhala pa benchi lachisanu amatha kuweruza yekha ngati chinakhwima, ngati chinadzaza mpaka kunsonga, ngati mvula inadula msanga. Apa pali chinyengo chimodzi chimene ndimadana nacho: kuika zikuluzikulu pamwamba, zofumbwa ndi zachuku pansi. Mtanga wotere umadziwika msanga, pakuti ukausuntha pang'ono pamphasa pamatsala ufa woyera, ndipo fungo lake ndi la nyumba yotsekedwa. Chimanga chimenecho chikapita kwa wodwala kapena kwa nkhalamba, mpingo umakhala wagawa matenda.

Mtedza umakhala m'malichero, pamwamba pa kabenchi kuti usapondedwe, ndipo wambiri ukhale wosasenda. Mayeso ake ndi akale: tenga dzanja limodzi, ugwedeze pafupi ndi khutu. Ukalira khochokhocho ndiye kuti wauma. Ukakhala duu, ubwerere padzuwa. Kuuwaza madzi kuti makoko aoneke oyera, kapena kuutsekera m'jumbo yowala kuti uoneke waudongo, n'kulakwa kwakukulu, chifukwa mtedza wachinyontho umamera chuku chimene chimabala poizoni wotchedwa afulatokisini, wowononga chiwindi. Lichero limodzi lokha la wosenda ndi lokwanira kusonyeza kufiira kwa khungu lake.

Ena adzati Mulungu amayang'ana mtima, ndiye kutaya nthawi ndi mizere ya maungu n'kudzionetsera. Mfundoyi ikanakhala yoona chikhala kuti kuyala kunali kukometsera kokha. Koma taona kuti mphasa, malo a dzungu ndi lichero losatseka zonse zimateteza mphatsoyo kuti ifike kwa wolandira ili yodyeka. Mayi amene wasenza dengu kuchokera kumudzi wakutali wachita mbali yake, ndipo kulikhuthula pakona ngati zinyalala n'kunyoza thukuta lake.

Chitsutso cholemera kwambiri n'chakuti chionetsero chimachititsa manyazi wosauka. Ichi n'choona ndithu pamene zinthu ziyalidwa potsata mabanja, wa matumba asanu apa, wa mbale imodzi apo, maina atalembedwa pamapepala. Koma yankho lake lili m'luso lomwelo. Yalani potsata mtundu wa mbewu, chimanga chonse pamodzi, mtedza wonse pamodzi, ndipo mbale ya mayi wamasiye idzalowa m'lichero limodzi ndi ndowa ya mlimi wa fodya, osadziwikanso kuti uwu ngwa yani. Kalembera asunge maina m'buku lake. Kudera ngati la Mandimba ndi Ngauma, kumene Ayao ambiri ndi Asilamu ndipo banja limodzi limatha kupemphera kuwiri, chakudyachi chikamagawidwa chimadutsanso malire a mpingo, choncho n'koyenera kuti chioneke ngati cha mudzi wonse.

Za matumba ndi ndalama ndivomereza pang'ono. Ku Cuamba, tauni ya njanji, ambiri amapereka metikali chifukwa alibe munda, ndipo thumba la makilogalamu 50 silivuta kunyamula kapena kugulitsa. Matumbawo akhalepo, koma m'mbali mwa khoma. Thumba losokedwa limabisa zam'kati ndipo limaoneka chimodzimodzi chaka cha njala ndi chaka cha mwanaalirenji, pamene dengu lotseguka limanena zoona, komanso limaonetsa ntchito ya woluka amene anasema nsungwi ndi kupinda mkombero wake. Inu a komiti ya masika, musanagule nsalu ndi maluwa chaka chino, itanani amayi ndi abambo amene nkhokwe zawo sizifumbwa, muwapatse mphasa ndi malichero tsiku Loweruka, ayale okha.