Mizere Itatu ya m'Kaundula wa pa Nsaru

Pa Nsaru pali kagulu ka anthu anayi kothandiza makasitomala a kampani ina yogulitsa masola pangongole. Wogula amalipira pang'onopang'ono kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, nalandira nambala yotsegulira nyale. Nambala ikapanda kubwera, kapena batire ikasiya kusunga moto, dandaulo limafika kwa anthuwa. Chimene chimandichititsa chidwi ndi mmene mayi wotsogolera gululi amalembera zolinga zake miyezi itatu iliyonse, pa tsamba limodzi la kaundula.

Njira yake ndi ija amaitcha OKR, imene Andy Grove anaikhazikitsa ku kampani ya Intel m'zaka za m'ma 1970, ndipo John Doerr anakaiphunzitsa ku Google mu 1999. Ili ndi mbali ziwiri: cholinga, chonena kumene mukupita, ndi zotsatira zoyezeka, zosonyeza ngati mwafikako.

Mayiyu amayamba ndi cholinga, ndipo salembamo nambala: "Kasitomala wathu asamasiyidwe mumdima." Ndi mawu oti mnyamata wokonza masola angawakumbukire ali pa njinga yamoto kulowera ku Kabudula. Akatero amatseka cholembera, n'kubwerera m'masamba a miyezi yapitayo, chala chikutsika mzere ndi mzere. Akuwerenga pamene gulu laima lero, pakuti wosadziwa pamene wayambira sangayeze ulendo. Tinene kuti wapeza kuti pa madandaulo 100 alionse, 50 okha ndi amene amatha pasanadutse maola 48. Mzere woyamba ndi umenewo: kuchoka pa 50 kufika pa 80.

Mnzake wina amaponyapo ganizo: "Mayi, bwanji tilembe kuti tiziimbira makasitomala 300 pamwezi?" Iwo amapukusa mutu. Kuimba ndi ntchito chabe. Mukhoza kuimba mafoni onsewo nyale za anthu zili chizimire. Ganizolo amalilemba kuseri kwa tsamba, kumene kumakhala zochita, ndipo kutsogolo kumatsala zokhazo zimene kasitomala angaone kuti zasintha.

Luso lenileni lili pa mzere wachiwiri. Mayiyu amadziwa kuti munthu ukamuyeza liwiro lokha, amaphunzira kutseka madandaulo msanga osati kuwathetsa. Wina auza kasitomala kuti apukute fumbi pa sola, n'kulemba kuti zatheka, pamene vuto lili m'batire. Ndiye pansi pa mzere wa liwiro amaikapo mlonda wake: madandaulo obwereranso pasanathe masiku 30 atsike kuchoka pa 20 kufika pa 10 mwa 100 alionse. Grove yemweyo ankalangiza kuti miyeso iziyenda iwiriiwiri chonchi, wa kuchuluka pamodzi ndi wa ubwino. Mzere woyamba ukamakwera wachiwiri nawonso ukukwera, palibe chofunsa, pali amene akutseka nkhani zosatha. Amatsekanso kampata kena kakang'ono: maola 48 amayamba kuwerengedwa pamene kasitomala wadandaula koyamba, ngakhale wauza ejenti pamsika wa Nambuma, osati pamene dandaulo lalowa m'buku. Kupanda apo, dandaulo likhoza kugona masiku atatu m'thumba la munthu, kaundula n'kumaonekabe woyera.

Mzere wachitatu ndi wa mawu a mwiniwake. Pakatha sabata dandaulo litatsekedwa, wina amene sanagwire nawo dandaulolo amaimbira kasitomala n'kumufunsa funso limodzi, ngati nyale ikuyaka. Oyankha kuti inde afike 90 mwa 100. Amalekera pomwepo, chifukwa mizere ikachuluka, palibe amene amaisunga m'mutu.

Lolemba lililonse amakhala pansi mphindi zochepa n'kulemba nambala zatsopano pambali pa zakale. Miyezi itatu ikatha, amapereka malikisi pakati pa 0 ndi 1. Ngati anayambira pa 50, akulinga pa 80, n'kufika pa 71, ndiye kuti ayenda masitepe 21 mwa 30, amene ndi 0.7. Pa cholinga choikidwa patali mwadala, 0.7 ndi yabwino. Akamapeza 1 nthawi zonse, mayiyu amakayikira kuti mpandawo unali waufupi. Malikisiwa saamangiriza ku malipiro, chifukwa akatero aliyense adzapempha nambala yosavuta.

Ndipo nyengo amaiwerengera. Kuyambira Januwale mpaka Malichi, mitambo imaphimba dzuwa, mabatire sadzaza, misewu yafumbi imasanduka matope, ndipo m'midzi ndalama mulibe. Madandaulo ambiri a miyezi imeneyi amati sola yafa, chonsecho ndi ngongole imene yatsalira kapena dzuwa limene lachepa. Choncho amawagawa pawiri, othetsedwa pafoni ndi ofunika ulendo, ndipo maola 48 amawasungira a pafoni okha. A ulendo amawapatsa masiku anayi mpaka mvula itakata. Mu Epulo, fodya ndi soya zikayamba kugulidwa, anthu ambiri amagula masola atsopano, ndipo cholinga chimasamukira kwa ogula kumene, amene sanazolowere kulowetsa nambala yotsegulira.