Agawe ndi 4, 5 Kapena 6?

Katswiri wa masamu a kafukufuku wayeza matumba asanu a chimanga amene watola mwachisawawa m'nyumba yosungiramo mbewu: makilogalamu 48, 49, 50, 51 ndi 52. Akufuna kudziwa kuti kulemera kwa matumba onse a m'nyumbamo n'komwazikana motani, muyeso umene amautcha variyansi. Avareji ndi 50. Aona kutalikirana kwa thumba lililonse ndi 50, nachulukitsa nambalayo ndi iyo yomwe: 4, 1, 0, 1, 4. Zonse pamodzi 10. Apa pensulo iyamba yaima. Agawe ndi chiyani?

Ambirife tingathamangire 5. Iye agawa ndi 4, napeza 2.5. Chifukwa chake n'chokoma kuchimva. Avareji ya 50 ija yachokera m'matumba omwewa, choncho ili pafupi nawo kuposa avareji yeniyeni ya nyumba yonse, ndipo 10 uja watuluka wochepa. Kugawa ndi chiwerengero cha matumba otoledwawo kuchotsapo limodzi, n − 1, kumene kumadziwika ndi dzina la Friedrich Bessel, kumabwezeretsa chosowacho ndendende. Atati azitola matumba asanu mobwerezabwereza osaleka, avareji ya mayankho ake ingagwere pa variyansi yeniyeni. Njira yotere imatchedwa yosapendekera.

Koma munthu amayeza kamodzi, ndipo yankho limodzilo likhoza kugwera kutali. N'chifukwa chake katswiriyu amayezanso njirayo ndi MSE: kuphonya kulikonse kuchulukitsidwa ndi iko komwe, kenako avareji yake. Chimene chimandigometsa n'chakuti MSE imagawika pawiri popanda chotsalira: kumwazikana kwa mayankho, kuphatikiza kupendekera kochulukitsidwa ndi iko komwe.

Tiyerekeze kuti variyansi yeniyeni ndi 1, ndipo kulemera kwa matumba kumatsata chithunzi cha belu, ambiri pakati, ochepa m'mbali. Kugawa ndi 4 kulibe kupendekera, koma mayankho amamwazikana ndi 0.5, ndiye MSE ndi 0.5. Kugawa ndi 5 kumakokera mayankho pansi, avareji yake n'kukhala 0.8. Kupendekera ndi 0.2, kumene kumawonjezera 0.04 yokha, pomwe kumwazikana kwatsika kufika pa 0.32. MSE ndi 0.36. Taonani malonda ake: walipira 0.04, wapulumutsa 0.18! Kugawa ndi 6 kumatsitsabe mpaka 0.33, ndipo m'pamene pathera phindu. Akapitirira mpaka 10, mayankho amaunjikana pamodzi koma pamalo olakwika, MSE n'kukweranso kufika pa 0.44.

Nanga bwanji mabuku amaumirira n − 1? Kusapendekera kwake sikudalira belu, pomwe kupambana kwa n + 1 kumadalira. Komanso amene akuphatikiza mayankho a nyumba zambiri amaona kumwazikana kukufafanizana, koma kupendekera kumatsala, poti onse apendekera mbali imodzi. Matumba akafika 100, njira zitatuzi zimasiyana pang'ono kwambiri moti mkanganowo umatha wokha.