Manja odekha a kumapeto kwa mwezi

Mwezi ukatha, ena akuthamangira malipiro, wowerengera ndalama amakhala chete pa kompyuta, tiyi atazizira pambali. Amayamba watseka mabuku a ogula ndi ogulitsa mu ERP, nalemba ndalama zogwiritsidwa kale ntchito koma zosalipiridwa, kenako n'kuyerekeza buku la kampani ndi sitetimenti ya kubanki.

Apa m'pamene ndimamugomera. Akaona kusiyana kwa 270, sabalalika. Amagawa ndi 9, ndipo zikagawika bwino amakayikira kuti wina anatembenuza manambala, analemba 1,520 m'malo mwa 1,250. Nthawi zina ndi cheke chomwe sichinafike kubanki, kapena invoisi yolowetsedwa kawiri. Sakhoma mwezi asanapeze gwero lake.

Popanda iyeyu, mabwana akanamagawana phindu lomwe kulibe. Mukamuona akuweruka usiku, muthokozeni.