Mutu wa Nkhani Usakhale Nyambo: Phunziro la Usiku wa ku Ntcheu

Ambiri mwa ife timawerenga mutu wa nkhani n'kulekera pomwepo. Timauona pa lamya, kapena pa nyuzipepala imene wogulitsa wayala m'mbali mwa msewu, ndipo tikafika kunyumba timafotokozera anzathu ngati tawerenga nkhani yonse. Choncho mkonzi amene akufupikitsa mutu akusankha chimene anthu ochuluka adzakhulupirire. Ife tikuona kuti mitu yambiri imalakwika chifukwa mkonzi wadula mawu osayenera kudulidwa. Kuti mfundoyi imveke, titenga nkhani imodzi ya ku Ntcheu ndi kuiyesa mitu ingapo. Mitu yonseyi taipanga tokha monga zitsanzo, sitinaitenge m'nyuzipepala iliyonse.

Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa Dziko, Saulos Chilima, anamwalira pamodzi ndi anthu ena asanu ndi atatu pa ngozi ya ndege ku Chikangawa pa 10 Juni 2024. Lamulungu pa 16 Juni, utatha mwambo wa ku bwalo la masewero la Bingu ku Lilongwe, mdipiti unanyamuka ndi thupi lake kupita kwawo ku Nsipe, kumene anaikidwa m'manda tsiku lotsatira. Usiku umenewo, pa boma la Ntcheu, galimoto imodzi mwa zimene zinali pa mdipitiwo inagunda anthu oyenda pansi. Apolisi ananena kuti anthu anayi anamwalira ndipo ena 12 anavulala.

Mtolankhani wosamala angalembe chonchi: "Anthu anayi amwalira ndipo ena 12 avulala galimoto imodzi mwa zimene zinali pa mdipiti woperekeza thupi la malemu Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa Dziko Saulos Chilima itawomba anthu oyenda pansi pa boma la Ntcheu, apolisi atsimikiza." Mulibe bodza m'menemu, koma mawu 35 ndi ndime yoyamba ya nkhani, sangakwane pamwamba pa tsamba. Pakufunika mpeni, ndipo apa ndi pamene mkonzi amayesedwa.

Njira yachidule kwambiri ndi iyi: "Maliro a Chilima apha anthu anayi." Mawu ndi 6 okha, ndipo mutuwo ukuluma. Koma tiyang'ane mneni. "Apha" amafuna wakupha, ndipo galimoto itachotsedwa, mlandu wagwera maliro. Maliro sagunda munthu. Wowerenga amatsala ndi mpata woti adzazemo zake: wina aganiza za chipwirikiti cha khamu, wina za ndale, wina za malodza. M'sabata imene mitima ya anthu inali yowawa ndipo mphekesera zinali ponseponse, mpata wotere ndi moto. Lamulo loyamba ndi lakuti chimene chinachita chinthu chisachoke m'mutu, pakuti chikachoka, mneni amagwira aliyense amene ali pafupi.

Tibwezemo galimoto: "Galimoto ya maliro a Chilima yawomba anthu ku Ntcheu." Apa cholakwa n'chobisika, chagona pa kamawu kakuti "ya". Aliyense womva "galimoto ya maliro" amaona m'maganizo galimoto yonyamula bokosi. Malipoti ananena za galimoto imodzi mwa zambiri za pa mdipiti. Pochotsa liwu lakuti "mdipiti" tapulumutsa malo pang'ono, koma taloza chala dalaivala wina amene nkhaniyo sinamutchule. Mutuwu watayanso imfa zinayi, zimene ndi thima la nkhani. Mneni wakenso tili naye nkhawa. "Kuwomba" ndi liwu lozolowereka pa nkhani za ngozi za pamsewu, koma likusiyana ndi "kuwombera" pa zilembo ziwiri zokha. Pa mdipiti umene unali ndi asilikali ndi apolisi, diso lothamanga likhoza kuona mfuti pamene palibe. "Kugunda" kulibe vuto limeneli.

Mitu iwiriyi yalakwa ndi changu. Wachitatu umalakwa mwadala: "Zoopsa ku Ntcheu! Onani zimene zachitika pa maliro a Chilima." Uwu ndi mutu wanyambo. Uli ndi mawu 10, kuposa woyamba uja, koma sunanene chilichonse chimene chinachitika. Apa tikuphunzira kuti kufupika ndi nyambo ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mutu wanyambo umadziwika ndi kubisa: umachotsa chochitikacho n'kuikapo mantha kapena chidwi, kuti munthu atsegule nkhaniyo mokakamizika. Taganizani za mayi wa ku Balaka amene mwana wake anapita kukaima m'mbali mwa msewu wa M1 usiku umenewo. Mutu wotere ukuchita malonda ndi nkhawa yake. Ulinso ndi bodza laling'ono, chifukwa "pa maliro" akutengera wowerenga kusiwa ku Nsipe, pamene ngoziyo inachitika pamsewu thupi lisanafike.

Nanga mpeni ugwe pati? Ugwe pa zimene wowerenga akudziwa kale ndi pa zimene zanenedwa kawiri. M'sabata imeneyo panalibe Mmalawi wofunika kuuzidwa udindo wa Chilima kapena dzina lake loyamba, choncho "Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa Dziko Saulos" achoka. "Malemu" achoka chifukwa "maliro" wanena kale. "Anthu anayi" akhala "anayi", pakuti Chichewa chathu chimanyamula anthu m'chilembo choyamba cha liwulo. "Oyenda pansi" ndi "pa boma la" angadikire ndime yoyamba. Chotsala ndi ichi:

"Anayi amwalira ku Ntcheu galimoto ya mumdipiti wa maliro a Chilima itagunda anthu."

Mawu atsika kuchoka pa 35 kufika pa 13. Imfa zabwera koyamba, malo alipo, galimoto ndi ya mumdipiti, ndipo kachigawo ka "ita" kakuonetsa chimene chinayamba ndi chimene chinatsatira popanda kuweruza dalaivala. Tasankha "amwalira" m'malo mwa "afa" ngakhale "afa" ali wamfupi, chifukwa abale a anthu anayiwo nawonso amawerenga.

Tivomere kuti mutu wathuwu wataya zinthu ziwiri. Ovulala 12 sakuonekamo. Kutaya kumeneku n'kololeka, chifukwa wowerenga akafika pa ndime yoyamba adzawonjezera pa zimene akudziwa, sadzafunika kufufuta kanthu. Apolisi nawonso achoka, ndipo apa m'pofunika kusamala. Gwero lingachoke pamene mfundoyo yatsimikizika ndipo palibe akuitsutsa, monga chiwerengero cha omwalirachi. Koma tikadafuna kunena chifukwa chake galimotoyo inalowa m'khamu, kaya liwiro, kaya kuthawa chipwirikiti, tikadayenera kutchula amene wanena, apo ayi kusiya chifukwacho kunja kwa mutu. Mkonzi amene wachotsa "apolisi ati" pa mfundo yokanganirana wasandutsa mawu a mbali imodzi kukhala umboni wa nyuzipepala yake.

Pali muyeso wosavuta umene mkonzi angagwiritse ntchito asanasindikize. Apatse mnzake mutu wokha, wopanda nkhani, ndipo amufunse kuti afotokoze chimene chachitika. Akayankha kuti sakudziwa mpaka atawerenga, mutuwo ndi nyambo. Akafotokoza chinthu chimene nkhaniyo sikunena, monga galimoto yonyamula bokosi kapena mfuti, mpeni wadula mnofu. Akanena kuti anthu anayi amwalira ku Ntcheu galimoto ya pa mdipiti itawagunda, ndiye kuti mutu wagwira ntchito yake, ngakhale munthuyo asatsegule nkhaniyo.