Carminha Anayenera Kulipira, Generations Ilibe Ngongole

Sewero la soap lili ngati Shire, limangoyenda. Telenovela ndi bwato lochoka ku Makhanga kupita ku Bangula: ukamakwera umadziwa kuti tsidya lilipo. Kusiyana kwina konse kumachokera pomwepo.

Tione Avenida Brasil, imene João Emanuel Carneiro analembera kanema wa Globo mu 2012. Ndi mtundu wa masewero a ku Brazil amene anansi athu a ku Mozambique amaonera m'Chipwitikizi. Inali ndi magawo 179, kuyambira Malichi mpaka Okutobala, basi. Gawo loyamba likadzala mlandu, otsatira onse amaulera. Carminha akutaya mwana wopeza, Rita, kumtaya wa zinyalala, iye nkukwatiwa ndi Tufão, katswiri wa mpira wolemera. Rita akukula, akusintha dzina kukhala Nina, nkudzalowa ntchito yophika m'nyumba ya Carminha yemweyo kuti abwezere. Nkhani zina zapambali zilipo, zachikondi ndi zoseketsa, koma zonse zimapumira pa funso limodzi: Tufão adzadziwa liti?

Luso lili pogawa chinsinsicho. Woonera amadziwa zonse kuyambira pachiyambi, osadziwa ndi a m'seweromo. Chapakati, Carminha akuzindikira kuti wophika uja ndi Rita, ndipo masewera akutembenuka. Apa mpamene telenovela zambiri zimafookera. Otsatsa malonda akaona kuti anthu akuonera, magawo amawonjezedwa, ndiye mumaona wina waiwala zonse pangozi ya galimoto, kalata yasochera, wakufa wauka. Mukadumpha sabata yathunthu nkupeza chinsinsi chili pomwe munachisiya, dziwani kuti wolemba akungotafuna nthawi.

Generations ya Mfundi Vundla inamangidwa mwanjira ina. Maziko ake ndi malo, makampani otsatsa malonda a ku Johannesburg ndi mabanja olimbirana chuma, ndipo nkhani zingapo zimayenda pamodzi, ina ikutha ina ikuyamba. Mu 2014 osewera 16 anachotsedwa ntchito atanyanyala, koma mu Disembala seweroli linabwerera ndi dzina la Generations: The Legacy. Avenida Brasil sikanapirira zotere: mukachotsa Carminha, palibenso sewero. Ngakhale Tikuferanji wathu ali mbali ya Generations, poti amatola nkhani zatsopano m'mudzi osalonjeza tsiku lomaliza.

Ukwati mu soap ndi chiyambi cha chisudzulo. Mu telenovela umabwera pomaliza, pamodzi ndi chilango cha woipa, ndipo ambiri amanyoza mathero otere kuti ndi odziwikiratu. Ine sindiona vuto pamenepo, vuto ndi chilango chongogwa kumwamba. Carneiro anachita mwanzeru. Carminha akuvomera yekha kuti ndiye anapha Max, chibwenzi chake chamseri, akukhala kundende zaka zitatu, kenako akukakhala kumtaya komwe anataya mwana uja. Chilangocho chikuchokera m'mlandu wa gawo loyamba, nchifukwa chake kukumbatirana kwake ndi Nina sikuoneka kokakamiza.