Mpata umene Beethoven sanaulembe

Mu simfoni yachisanu ya Beethoven, gawo lachitatu silitha ndi kupuma. Ng'oma za timpani zimagunda chapansipansi, mavayolini akukwera pang'onopang'ono, mpaka gulu lonse la oimba litaphulikira m'gawo lachinayi. Tsoka lake, pa chimbale malire a nyimbo ziwirizi amagwera pomwepa. Foni ikangoti zii kwa kamphindi, mphamvu yonse imene oimba amaunjika ija imatayika. Chimbale chojambulidwa pamaso pa anthu chimavulalanso motero: kuomba m'manja kumaduka pakati, kenaka n'kuyambiranso. Mpata umenewu ndi chilema cha makina, ndipo mankhwala ake ndi kuuchotsa, osati kuuphimba.

Gwero lake nthawi zambiri ndi mmene MP3 imasungira mawu. Sekondi imodzi ya CD ili ndi masampulo 44,100, koma MP3 imawalongedza m'timitolo ta masampulo 1,152. Nyimbo ikathera pakati pa kamtolo, malo otsalawo amadzazidwa ndi chete. Kumayambiriro nakonso kumalowa chete wina: fayilo yopangidwa ndi pulogalamu ya LAME imachedwa ndi masampulo 1,105 ikamaimbidwa. LAME imalemba m'mutu wa fayilo kuchuluka kwa zoonjezerazi, monga momwe iTunes imachitira pa AAC, koma pulogalamu yoimbira ikapanda kuwerenga manambalawo imaimba ndi chete yemwe. FLAC ilibe vutoli chifukwa imasunga masampulo onse ndendende.

Wina anganene kuti kachigawo kakang'ono ka sekondi sikoyenera kudandaula nako. Pa nyimbo zimene zimatha n'kukhala chete, akunena zoona. Koma pamene mawu akupitirira, khutu silimva kutalika kwa mpatawo, limamva kudukako, kumene kumangoti thapu. Ndipo kutalika kwake n'kumene kumaulula wolakwa. Ngati ndi masekondi awiri okhaokha pa CD yowotcha nokha, ndiye kuti inawotchedwa mwa `Track-At-Once`. Iwotcheninso mwa `Disc-At-Once`, mpata muuike pa 0. Ngati mpatawo ukusinthasintha, ngakhale pa FLAC, pulogalamuyo ikuchedwa kutsegula fayilo yotsatira, ndipo m'pofunika kuyatsa `Gapless playback`, imene pa Spotify ili pansi pa `Playback`. Ngati n'kakuduka kakafupi kosasintha pa MP3 yokha, yesani pulogalamu yowerenga manambala aja, monga foobar2000. Kakakanirirabe, manambalawo mulibemo, basi kopaninso kuchokera pa CD.

Ambiri amathamangira `Crossfade`, poti mpata umazimiririkadi. Komatu chimene imachita n'kutsitsa mapeto a nyimbo ina uku ikukweza chiyambi cha inzake, ziwirizo zikumveka pamodzi. Pa Beethoven uja, ikaikidwa pa masekondi 5, oimba amatsika mawu pamene anayenera kukwera, malipenga a gawo lachinayi amalowa monyong'onyeka nthawi yawo isanakwane, ndipo nyimbo imafupika ndi masekondi asanu. Pa zimbale zotere `Crossfade` izimitsidwe, pamodzi ndi `Shuffle`, pakuti nyimbo zikasakanizidwa mapeto a ina sangakumane ndi chiyambi chimene anadulidwako.